Kukonza Masamu a Silinda ndi Koni: Funso Lililonse Likhale ndi Ntchito Yake

Ena mwa ife amene tikuphunzira zauphunzitsi tidapita kukayeserera ntchito pasukulu ina ya sekondale yoyendera, ndipo tidapatsidwa mutu wa voliyumu ya silinda ndi koni. Titaphunzitsa masiku awiri, tidalemba mafunso asanu pabolodi kuti ana ayesere. Pafupifupi kalasi yonse idakhoza, ndipo tidatuluka tikumwetulira. Sabata yotsatira, mwini kalasiyo adapereka funso limodzi lokha la mutu womwewo, ndipo ana omwe aja adagwa ambiri. Titabwerera kumafunso athu tidapeza kuti cholakwa chidali chathu. Pofuna kuti masamu akhale osavuta, mafunso atatu mwa asanu aja tidawapatsa rediyasi ya masentimita 2. Tsono 2 kuchulukitsa ndi 2 ndi 4, ndipo 2 kuphatikiza 2 ndi 4 yemweyo. Mwana amene ankaganiza kuti r² ndi 2r ankapeza yankho lolondola ndi njira yolakwika, ife n'kumamuchongera.

Kuchokera pamenepo tidasiya kuganiza kuti funso losavuta ndi la manambala ang'onoang'ono, ndipo lovuta ndi la manambala akuluakulu. Silinda ya rediyasi 7 ndi silinda ya rediyasi 70 ndi funso limodzi lomwelo. Lachiwirili limangotopetsa dzanja. Funso limakwera pamene mwana ayenera kuganiza chinthu chimodzi chatsopano asanayambe kuwerengera. Ndiye pokonza mafunso timafunsa kuti: funso ili likuwonjezera ganizo liti pa lam'mbuyo lija, ndipo mwana akaphonya ganizo limenelo, apeza nambala iti? Ngati nambala yolakwikayo ikufanana ndi yolondola, funsolo n'losathandiza.

Mafomula ake ndi awiri okha. Voliyumu ya silinda ndi V = πr²h, ndipo ya koni ndi V = ⅓πr²h. Apa r ndi rediyasi, kutanthauza mtunda wochokera pakati pa bwalo la pansi kufika m'mphepete, ndipo h ndi msinkhu, kutalika koongoka kuchokera pansi kufika pamwamba. Popeza m'makalasi ambiri si mwana aliyense ali ndi kakyuleta, timagwiritsa ntchito π = 22/7 ndipo timasankha rediyasi yogawika ndi 7, monga 7, 14, 28 kapena 0.7. Pa koni timasankhanso msinkhu wogawika ndi 3. Potero yankho lolondola limatuluka loyera, ndipo mwana amatha nthawi yake poganiza, osati pogawa manambala a zotsalira. Rediyasi 1 ndi rediyasi 2 tidazitaya: pa 1, r² amafanana ndi r, ndipo pa 2 mwaona kale zimene zidatichitikira.

Funso loyamba silibisa kanthu. Silinda ili ndi rediyasi ya masentimita 7 ndi msinkhu wa masentimita 12. Pezani voliyumu yake. Bwalo la pansi ndi 22/7 × 49 = 154, ndipo 154 × 12 = 1848 cm³. Mwana amene wasokoneza r² ndi 2r apeza 528. Tikangoona 528 m'kope tikudziwa kale matenda ake, popanda kuwerenga mzere ndi mzere. Nambala ya 528 ili ndi chinsinsi china: ndi yankho la 2πrh, fomula ya eliya ya khoma la silinda. Choncho mwanayo mwina sadziwa tanthauzo la ka 2 kapamwamba kaja, mwina watenga fomula ya mutu wina. Timamufunsa kuti tidziwe.

Funso lachiwiri timasunga manambala omwewo n'kungosintha chinthucho: koni ya rediyasi 7 ndi msinkhu 12. Yankho ndi 616 cm³. Ena angaone ngati ndi ulesi kubwereza manambala, koma timachita dala. Mwana akayang'ana 1848 ndi 616 zili moyandikana m'kope mwake, amaona yekha kuti chimodzi chikulowa katatu mu chinzake. Ndipo woyiwala ⅓ amapezanso 1848, n'kudabwa kuti koni yosongoka ingafanane bwanji ndi silinda yodzaza. Tikakhala ndi nthawi timapinda katoni kukhala koni yolingana kukamwa ndi msinkhu ndi chitini, n'kuthira mchenga wouma. Umadzaza chitinicho pa ulendo wachitatu. Umenewu si umboni wa masamu, ndi chionetsero chabe. Umboni weniweni udachokera kwa Eudoxus wa ku Girisi wakale, ndipo uli m'buku la 12 la Euclid. Koma mwana amene wathira mchengawo ndi manja ake sayiwala ⅓ msanga.

Pa funso lachitatu ndi pamene timabisa chinthu choyamba. Poto wooneka ngati silinda ndi wotambalala masentimita 28 kukamwa kwake, ndipo ndi wozama masentimita 25. Mawu akuti rediyasi palibe. Mwana ayenera kuzindikira kuti 28 ndi dayamita, agawe pawiri, apeze 14. Bwalo ndi 616, voliyumu ndi 15400 cm³. Wolowetsa 28 mu fomula apeza 61600, lomwe ndi yankho lolondola kuchulukitsa kanayi. Ana ambiri amayembekezera kuti kulakwitsa kotereku kungowirikiza yankho kawiri, ndipo pokambirana mayankho timaima apa pang'ono kuti aone kuti rediyasi ikawirikiza, r² amakula kanayi. Mfundo imeneyi tidzaifuna kumapeto, ndiye ndi bwino kuibzala msanga.

Funso lachinayi lidatipatsa mkangano. Tidalilemba chonchi: diramu ya madzi ili ndi dayamita ya masentimita 56 ndi msinkhu wa mamita 0.85, imalowa malita angati? Mnzathu wina adati funsoli likuswa lamulo lathu, chifukwa likufuna zinthu ziwiri zatsopano nthawi imodzi: kusintha mamita kukhala masentimita, ndi kusintha cm³ kukhala malita. Adanena zoona. Tidaligawa. Gawo loyamba likungofunsa kuti poto wa m'funso lachitatu uja amalowa malita angati. Popeza lita imodzi ndi 1000 cm³, yankho ndi malita 15.4. Gawo lachiwiri ndiye la diramu. Rediyasi ndi 28, bwalo ndi 2464, msinkhu ndi masentimita 85, voliyumu ndi 209440 cm³, omwe ndi malita 209.44.

Tidasankha diramu chifukwa mwana aliyense adaionapo ndipo akudziwa kuti imalowa malita pafupifupi 200, zigubu khumi za malita 20. Wosiya 0.85 osasintha apeza malita 2.09. Wogawa ndi 100 m'malo mwa 1000 apeza malita opitirira 2000. Onse awiri tingawafunse funso limodzi: diramu imene mumatungiramo madzi kwanu ingadzaze ndi botolo limodzi? Pamene funso likukamba chinthu chodziwika, yankho lopusa limadziulula lokha. N'chifukwa chake miyeso ya m'mafunso a nkhani iyenera kukhala yoona. Tidaonapo funso la kapu ya tiyi yozama masentimita 70, lolembedwa chotero kuti 7 agawike bwino. Funso lotero limaphunzitsa mwana kuti m'masamu asamaganize za dziko limene akukhalamo.

Kenaka timabwerera ku koni, kumene kuli msampha waukulu wa mutu wonsewu. Koni ili ndi kutalika kuwiri. Pali msinkhu woongoka, wochokera kunsonga kutsika pakati, umene fomula ikufuna. Palinso kutalika kwa m'mbali mopendekera, kumene timakulemba l. Pa chinthu chenicheni, monga mulu wa mchenga kapena denga la udzu, kutalika kopendekeraku ndi kumene munthu angayeze mosavuta ndi chingwe, chifukwa pakati pa mulu sitingalowetsepo lula. Zitatuzi, r, h ndi l, zimapanga thirayango ya ngodya yoongoka, ndipo l² = r² + h².

Funso lachisanu likuti: koni yapepala ili ndi rediyasi ya masentimita 7, ndipo m'mbali mwake mopendekera ndi masentimita 25, pezani voliyumu. Tidasankha 7 ndi 25 chifukwa 625 − 49 = 576, ndipo sikweya luti ya 576 ndi 24, nambala yoyera komanso yogawika ndi 3. Voliyumu ndi 154 × 24 ÷ 3 = 1232 cm³. Wolowetsa 25 ngati msinkhu apeza 1283.3. Taonani mmene mayankho awiriwa ayandikirana. Mphunzitsi wotopa amene akuchonga makope ambiri madzulo angathe kuona 1283 n'kuganiza kuti mwanayo wangophonya pang'ono pochulukitsa, pamene waphonya ganizo lonse la funsolo. Choncho pa pepala la mayankho nambala imeneyi timailemba poyera, ndi chenjezo lakuti malikisi a msinkhu asaperekedwe. Palinso amene amaphatikiza m'malo mochotsera, n'kupeza msinkhu wa pafupifupi 26. Ameneyu timamusonyeza chithunzi chake chomwe: msinkhu woongoka sungapose mbali yopendekera, monga mmene makwerero otsamira khoma sangafike pamwamba kuposa kutalika kwake.

Kalasi ikafuna funso lina la mtundu womwewu, timapereka mulu wa mchenga wa rediyasi ya mamita 2.8 ndi mbali yopendekera ya mamita 3.5. Awa ndi 3, 4 ndi 5 ochulukitsidwa ndi 0.7, ndiye msinkhu ndi mamita 2.1 ndipo voliyumu ndi 17.248 m³. Manambala a 7, 24 ndi 25 sitingawaike pa mchenga, chifukwa mchenga suima mosongoka chotero, umagumuka.

Funso lachisanu ndi chimodzi limatembenuza njira. Mpaka pano mwana wakhala akupatsidwa miyeso kuti apeze voliyumu. Tsopano timamupatsa voliyumu kuti apeze muyeso. Sukulu ikufuna kumanga thanki yooneka ngati silinda yolowa malita 12320, yozama mamita 2. Dayamita yake yam'kati ikhale yotani? Malita 1000 ndi 1 m³, ndiye voliyumu ndi 12.32 m³. Kugawa ndi 2 kukupereka bwalo la 6.16, kugawanso ndi 22/7 kukupereka r² = 1.96. Rediyasi ndi mamita 1.4, ndipo dayamita ndi mamita 2.8. Mayankho olakwika apa ndi atatu, ndipo lililonse lili ndi mwini wake. Wolemba 1.4 wachita zonse bwino koma sadawerenge funso mpaka kumapeto. Wolemba 3.92 waiwala sikweya luti n'kuwirikiza 1.96. Wolemba 1.96 mwina waima pa r², mwina wagawa 1.96 pawiri n'kupeza rediyasi ya 0.98 kenaka n'kuwirikizanso. Ameneyu ndi mwana wa 528 uja wa pa funso loyamba, amene kwa iye sikweya ndi kuwirikiza basi. Ngati tidamulekerera pachiyambi, tikumana nayenso pano.

Funso lachisanu ndi chiwiri limaphatikiza zinthu ziwirizo. Nkhokwe yozungulira ili ndi dayamita ya mamita 1.4 ndi khoma lotalika mamita 2. Yadzaza chimanga mpaka kuunjikana pamwamba ngati koni, ndipo kuchokera pansi pa nkhokwe kufika kunsonga ya mulu ndi mamita 2.6. Ganizo latsopano ndi kudula chinthucho pawiri ndi kuona kuti msinkhu wa koni sudaperekedwe: ndi 2.6 − 2 = 0.6. Bwalo ndi 1.54. Gawo la silinda ndi 3.08, la koni ndi 0.308, zonse pamodzi 3.388 m³. Woyesa nkhokwe yonse ngati silinda ya mamita 2.6 apeza 4.004, wopatsa koni msinkhu wa 2.6 apeza pafupifupi 4.415. Poyamba tidafuna kufunsanso kuti ndi matumba angati a makilogalamu 50, koma tidasiya. Chimanga cha m'nkhokwe chimakhala chosatong'ola, chili ndi zitsononkho ndi mipata, ndipo kulemera kwake kumasintha ndi chinyezi. Funsolo likadasanduka mkangano wa zaulimi, ndipo ana a kumudzi akadatitsutsa moyenera.

Lomaliza ndi limene timalikonda, chifukwa manambala ake ndi ophweka koma ndi lovuta kuposa onse. Fanelo yooneka ngati koni, nsonga yake ili pansi ndipo yatsekedwa, ili ndi rediyasi ya masentimita 14 kukamwa ndi kuzama kwa masentimita 24. Muli madzi ofika theka la kuzamako. Madziwo ndi ochuluka bwanji? Fanelo yonse imalowa 616 × 24 ÷ 3 = 4928 cm³, ndipo pafupifupi aliyense, ngakhale ena mwa ife tsiku loyamba, amathamangira kunena kuti theka lake, 2464. Koma madziwo apanga koni yaing'ono, ndipo potsika mpaka theka la msinkhu, rediyasi nayo yachepa n'kukhala theka. Koni ya madzi ili ndi rediyasi 7 ndi msinkhu 12. Imeneyi ndi koni ya funso lachiwiri ija, ya 616 cm³. Madziwo ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi atatu a fanelo yonse: theka la rediyasi latsitsa r² kanayi, theka la msinkhu latsitsanso kawiri.

Funso limeneli lidatiphunzitsanso malire a njira yathu yozindikira cholakwa poona yankho. Mwana amene wangogawa 4928 pawiri amapeza 2464. Mwana amene wagwiritsa ntchito fomula mosamala, ndi msinkhu 12 koma rediyasi n'kuisiya pa 14, amapezanso 2464. Woyambayo sadaone n'komwe kuti madzi apanga koni. Wachiwiriyo waona, wangoiwala kuti koni imachepa potsika. Nambala ndi imodzi koma thandizo limene akufuna ndi losiyana, ndipo apa palibe kuchitira mwina koma kuwerenga ntchito yonse. Kwa amene amaliza msanga timawonjezera mzere umodzi: gawo lapamwamba lopanda madzi lija, lomwe likuoneka ngati ndowa, limalowa zochuluka bwanji? Yankho ndi 4928 − 616 = 4312 cm³. Wotenga rediyasi yapakatikati ya 10.5 n'kuwerengera ngati silinda apeza 4158, ndipo aona kuti njira yachiduleyo imayandikira koma sifika.

Tsono pepala la mayankho. Limene tidalemba poyamba lidali mzere wa manambala okhaokha, ndipo lidangotithandiza kuika chongi ndi mtanda. Limene timalemba tsopano lili ndi zinthu zitatu pa funso lililonse: njira yake mwachidule, malo amene malikisi akugwera, ndi mayankho olakwika amene tikuwayembekezera pamodzi ndi chifukwa chake. Pa funso lachisanu, mwachitsanzo, timalemba kuti malikisi ndi anayi: imodzi yolemba h² = 25² − 7², imodzi yopeza 24, imodzi yolowetsa manambala mu fomula ya koni, ndi imodzi ya 1232 cm³ yokhala ndi muyeso wake. Pansi pake timalemba kuti 1283.3 ndi wogwiritsa ntchito mbali yopendekera, ndipo alandire malikisi imodzi yokha ya fomula. 3696 ndi woyiwala ⅓, ndipo alandire ziwiri zoyambirira. Mnzathu amene sadakonze nawo mafunsowo akatenga pepala lotere amachonga mofanana ndi ife, ndipo ana awiri olakwitsa mofanana salandira malikisi osiyana.

Pa pepala lomwelo timalembanso π amene tagwiritsa ntchito. Funso loyamba lija limapereka 1848 ndi 22/7, limapereka 1847.5 ndi 3.142, ndipo batani la π la pa kakyuleta limapereka 1847.3. Ngati funso silidanene π woti agwiritse ntchito, atatu onsewa ndi olondola, ndipo kumana mwana malikisi chifukwa cha zimenezi n'kumulakwira. Chosavuta ndi kulemba pamwamba pa mafunso kuti π = 22/7, ndi kunena poyera ngati yankho likufunika kudulidwa pa madesimo angati. Timaletsanso kudula manambala pakati pa njira. Mwana akasandutsa ⅓ kukhala 0.3, koni ya funso lachiwiri imatsika kuchoka pa 616 kufika pa 554.4, ndipo nambala imeneyi nayo ili pa mndandanda wathu.

Tisanapereke mafunso kwa ana, mmodzi wa ife amene sadawaone amawawerengera onse payekha, osayang'ana pepala la mayankho, ndipo wina amawerengera dala molakwika kuti titsimikize kuti njira iliyonse yolakwika ikupereka nambala yakeyake. Pa kuyesa kotereku ndi pamene tidagwira cholakwa m'funso la nkhokwe: tidali titalemba kuti ndi yotalika mamita 2.6 osanena kuti tikuyeza kuchokera pati, ndipo mnzathuyo adafunsa ngati tikuwerengera ndi miyala ndi mitengo imene nkhokwe imakhalapo. Tidawonjezera mawu akuti kuchokera pansi pa nkhokwe m'kati mwake, ndipo tidajambula chithunzi.

Pochonga sitiyamba ndi kuwonkhetsa malikisi. Timayamba ndi kuona funso limene mwana aliyense wayambira kugwa. Amene wakhoza anayi oyamba n'kugwa pa lachisanu safunika kubwereza mutu wonse. Akufunika mafunso awiri kapena atatu a msinkhu ndi mbali yopendekera, mwina a 5, 12 ndi 13. Amene wagwa pa loyamba ndi 528 timamuchotsa kaye pa voliyumu, n'kumupatsa mabwalo okhaokha mpaka 7² akhale 49. Ndipo kalasi yonse ikagwera pa funso limodzi, timabwerera ku funso la m'mbuyo mwake kukaona ngati pakati pa awiriwo sitidalumphe ganizo limene lidafunika funso lakelake.